Satifiketi yabwera pa desiki lanu: mmene mungayenderere pepala lenilenilo musanalembe munthu ntchito

Chaka chatha kopaletivu yathu kuno ku Kasungu, mbali ya ku Santhe, timafuna kalaliki woti azilemba za soya ndi mtedza pa nyengo yogula, ndiye anthu anabwera ndi mapepala awo mu timafayilo tapulasitiki, ine ndi amene anandipatsa ntchito yoona masatifiketi poti ndinagwirako ntchito pa malo osindikizira mabuku ndili mnyamata. Mwa anthu amene tinawaitana ku intavyu, awiri mapepala awo anali ndi nkhani, ndipo nkhani zake zinali zosiyana. Ndilemba mmene ndimachitira, mwandondomeko yake, ndi zimene ndinapeza pa awiriwo.

Choyamba penipeni, fotokope musayivomere. Ngakhale ikhale ndi chidindo cha loya kapena cha kwa majisitireti kuti yafanana ndi yeniyeni, imeneyo ndi yosunga mufayilo basi, siyoyendera. Zizindikiro zonse zimene ndikambe pano zimakhala mu pepala lenilenilo, zina mkati mwake, zina mu kutukuka kwake, fotokope imangojambula nkhope ya pamwamba. Chimodzimodzi chithunzi chotumiza pa foni. Muuzeni munthuyo pomuitana kuti abwere ndi orijino, ndipo akafika muichotse mu kapulasitiki kaja muigwire ndi manja, koma manja osamba, osati mwangodya kumene zitumbuwa. Mafuta amasiya kadontho koonekera pa pepala, mumuonongera mnzanu chinthu chimene anachivutikira zaka.

Zida zake sizambiri. Windo lolowa dzuwa, tochi ya pa foni, galasi lokulitsa zinthu, makamaka lokulitsa kakhumi ngati lija amagwiritsa ntchito okonza mawotchi ndi mafoni, ndi katochi ka yuvi, kaja kowala mwa pepo kamene ena amayezera ndalama za feki. Koma chida chachikulu kuposa zonsezi ndi satifiketi ina yoti mukuidziwa kuti ndi yeniyeni, yochokera ku malo omwewo, ndipo ya zaka zoyandikana. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Sikuti satifiketi iliyonse imakhala ndi wotamaki, chidindo chotukuka ndi timalemba tobisika zonse pamodzi ayi, ena amaika ziwiri, ena chimodzi, ndiponso sukulu kapena bungwe limasintha kapangidwe pakapita zaka. Ndiye ukatenga pepala la 2005 nkumalifananiza ndi la 2021 ukhoza kumunamizira munthu wosalakwa. Ine tsiku limenelo ndinabwereka dipuloma ya mlamu wanga amene anaphunzira pa koleji yomweyo imene mmodzi wa anyamatawo amati anaphunzirako, kusiyana kwake chaka chimodzi chokha.

Ngati simunayenderepo pepala chibadwire, phunzirirani pa ndalama. Tengani K2,000 ija ya nkhope ya John Chilembwe, muyang'anitse ku dzuwa muona nkhope ina yobisika pamalo pooneka ngati palibe kanthu, imeneyo ndiye wotamaki. Ikani galasi pa mizere ina yopyapyala muona kuti mwina ndi timalemba. Maso akazolowera pa ndalama, pa satifiketi sipavutanso.

Tiyambe ndi wotamaki, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene anthu amapusitsidwa kwambiri. Wotamaki yeniyeni si inki. Imapangidwa pepala likadali lonyowa ku fakitale, likadali ngati phala, amalidinda ndi chogudubuza chokhala ndi chithunzi kapena amaliumba pa sefa yokhala ndi chithunzicho, ndiye malo ena ulusi wa pepala umachepa, ena umachuluka. Popyapyala kuwala kumadutsa kwambiri pamaoneka poyera, pochindikala pamaoneka pakuda. Luso limeneli ndi lakalekale, linayambira ku Fabriano ku Italy cha mma 1200 kumapeto, ndipo chifukwa chake likadalipo mpaka lero nchakuti munthu wa purinta sangalikopere, pepala likauma basi mwayi watha.

Kayang'anidwe kake ndi kawiri, osati kamodzi. Poyamba goneketsani satifiketi pa tebulo, makamaka lakuda kapena pa chikuto cha buku chakuda, muiyang'ane choncho. Wotamaki yeniyeni siioneka bwino apa, mwina kachithunzithunzi chabe. Kenako muinyamule muloze ku windo, kuwala kuzichokera kumbuyo kwa pepala, apa ndiye iyenera kutulukira bwinobwino. Muitembenuze muyang'anenso kuchokera kumbuyo, iyenera kuoneka mofanana mphamvu, kungoti chithunzi chatembenuka. Yabodza imachita zosiyana ndi zimenezi. Amaisindikiza ndi inki yotuwa yofooka, ndiye imaoneka bwino pepala lili pa tebulo, ukakweza ku dzuwa siionjezera kanthu kapena imangokhala chimthunzi chakuda chamtundu umodzi, mulibe poyera kuposa pepala lenilenilo. Gwirani mfundo imeneyi, inki imangotha kudetsa, singayeretse pepala kuposa mmene lilili. Ena ochenjera pang'ono amadinda ndi tinthu tamafuta kapena vanishi kuti paoneke poyera, koma m'mphepete mwake mumakhala molowerera ngati dontho la mafuta ophikira pa nyuzi, ndipo ukapendeketsa pepala pamanyezimira mosiyana ndi pena ponse.

Pali kachenjezo apa. Makoleji ena amagwiritsa ntchito pepala logula kale lokhala ndi wotamaki ya kampani yopanga mapepala, osati chizindikiro cha kolejiyo, ndipo pepala lotero aliyense akhoza kuligula. Ndiye osangoti ndaona wotamaki basi zatheka. Funso ndi lakuti, kodi ndi yomweyo ili pa satifiketi yofananizira ija? Komanso chizindikiro cha sukulu chosindikizidwa mofooka kumbuyo kwa malemba, chija anthu ambiri amachitchanso wotamaki, chimenecho ndi chosindikiza wamba, pa zenizeni chimakhalapo, pa zabodza chimakhalaponso, sichikuthandizani kwenikweni.

Dipuloma ya mnyamata woyamba uja inagwa pomwepa. Pa tebulo chizindikiro cha koleji chimaoneka bwino pakati, mpaka amayi asungichuma anati, a sekilitale taonani wotamaki ili apa, ndi yeniyeni iyi. Nditakweza zonse ziwiri ku windo, ya mlamu inatulutsa timizere ndi chizindikiro chobwerezabwereza pepala lonse mpaka m'mphepete, ya mnyamatayo inangokhala mbuu, pepala losalala ngati A4 ya mu shopu koma yochindikala pang'ono. Sindinanene kanthu, ndinangopitiriza, chifukwa chizindikiro chimodzi sichokwanira kumuweruza munthu.

Chachiwiri ndi chidindo chotukuka, chija amachita kufinya pepala pakati pa zitsulo ziwiri, china chotulukira kunja china cholowa mkati, ndiye pepala limatenga maonekedwe a chidindocho popanda inki. Nthawi zambiri chimakhala pansi pafupi ndi masiginecha, pena pa pepala lenilenilo, pena pa kapepala kofiira kapena kagolide komata. Tsinzinani, yendetsani chala pamwamba pake, muyenera kumva malemba akutukuka. Kenako tembenuzani mugwire kumbuyo, pamalo omwewo payenera kukhala polowa mkati, chifukwa chitsulo chinafinya pepala lonse. Mukapeza kutsogolo kwatukuka koma kumbuyo kuli see, ndiye kuti kapepala kaja kanadindidwa pakokha nkudzamatidwa pambuyo pake, mwina kanamatulidwa pa pepala lina. Pali malo ena amene amachita choncho mwa dongosolo lawo, ndiye apanso yofananizira ija ndi imene ikuuzeni.

Ndiye bweretsani tochi ya pa foni. Osaunika molunjika pamwamba ayi, muigoneke m'mbali, pafupifupi kukhudza tebulo, kuwala kuzikwawa pa pepala ngati dzuwa la mmamawa pa mizere ya kumunda. Chipinda chikakhala chamdima pang'ono ndiye bwino, ine ndimatseka katani. Chilichonse chotukuka chimachita mthunzi, ndipo mukasuntha tochi kupita mbali ina mthunziwo uyenera kusunthanso. Chidindo chojambula pa sikana nkusindikiza mthunzi wake umangokhala pomwepo, olo muzungulire ndi tochi mbali zonse. Muwerenge malemba a pa chidindocho, onse, chilembo ndi chilembo. Chitsulo chenicheni chimatulutsa malemba akuthwa ndi ofanana kuya kwake, zongopanga ndi ndalama yachitsulo kapena kachidindo kosema pamanja zimatuluka zobuntha, kwina kwakuya kwina kosaoneka. Komabe dziwani kuti zidindo zofinya zimagulitsidwa, munthu akhoza kukapangitsa chake, ndiye chidindo pachokha ndi chizindikiro chofooka kuposa wotamaki. Yezani ndi lula kukula kwake mufananize ndi chenicheni, okopera amaphonya mamilimita awiri atatu kawirikawiri.

Pa ya mnyamata uja panali kagolide kozungulira kokongola bwino, konyezimira kuposa ka mlamu. Kumbuyo kunali see. Malemba ake, pansi pa tochi, anali nkhata yamasamba ndi nyenyezi basi, dzina la koleji panalibe, timapepala tija timagulitsidwa m'mashopu a zolembera toti uzimata pa satifiketi ya mwana wa ku nasale.

Tsopano timalemba ting'onoting'ono, ena amati mayikuropurinti. Awa ndi malemba osafika milimita imodzi kutalika, ambiri amakhala pansi pa theka la milimita, moti ndi maso chabe umangoona ngati kamzere. Amakonda kuwabisa mu mzere wa pansi pa siginecha, mu malire ozungulira pepala, kapena mkati mwa timizere topotanapotana ta kumbuyo tija. Mawu ake nthawi zambiri ndi dzina la sukulu kapena bungwe lobwerezabwereza. Galasi muliike pafupi ndi diso lanu, ndiye pepala ndi limene muzilisendeza mpaka malemba aoneke, ambiri amagwira galasi kutali ngati akufuna kuyatsa moto ndi dzuwa, sizioneka choncho. Ngati galasi palibe, foni yokhala ndi kamera yojambula zapafupi imathandiza, jambulani pamalo owala foni isakugwedezeka kenako mukulitse chithunzicho. Zumu yongokoka ndi zala musanajambule imapaka zinthu, mukhoza kuona ngati malemba ndi ofufutika pomwe vuto ndi foni yanu, ndiye yesani kaye pa ndalama kapena pa yofananizira ija, ikawerengeka kumeneko ndiye kuti foni ili bwino.

Chifukwa chake timalembati timagwira akuba nchosavuta. Makina aakulu osindikizira mapepala otere amaika mzere ngati mzere weniweni, ndi inki ya mtundu womwewo, ngati ndi wobiriwira ndi inki yobiriwira. Purinta ya mu ofesi ilibe inki yobiriwira, ili ndi mitundu inayi, yabuluu wotuwa, yapinki, yachikasu ndi yakuda, ndiye imanamiza maso pomwaza timadontho ta mitundu imeneyi moyandikana. Pa galasi muona zimenezo, mzere uja wasanduka timadontho tamitundumitundu, timalemba taphatikana ngati nyerere zopondedwa. Ikakhala purinta ya leza muona tiufa tomwazika m'mbali mwa malemba ndi kunyezimira ngati pulasitiki yosungunuka, ikakhala ya inki yamadzi muona inki italowerera mu ulusi wa pepala.

Koma apa tcherani khutu, pali msampha umene ndinagweramo ine mwini kale. Dzina la munthu, maphunziro, magiredi ndi deti, pa masatifiketi ambiri enieni zimalembedwa ndi purinta wamba ya mu ofesi, chifukwa mapepala amabwera osindikizidwa kale opanda maina, ofesi ndi imene imadzaikapo dzina. Ndiye kupeza tiufa ta leza pa dzina si umboni wa chinyengo. Pofunika kuyang'ana ndi kumbuyo kwa malembawo, malire, timizere, chizindikiro cha sukulu. Zimenezo zikakhala timadontho pomwe pa yeniyeni ndi mizere yosaduka, ndiye kuti pepala lonse linatuluka mu purinta imodzi ulendo umodzi. Ya mlamu, mzere wa pansi pa siginecha ya mkulu wa koleji umawerengeka dzina la koleji kasanu ndi kawiri. Ya mnyamata, kamzere kodukaduka ka timadontho, chilembo olo chimodzi osachizindikira.

Katochi ka yuvi nkongomalizira. Pepala wamba la mu ofesi amalithira mankhwala oyeretsa, ndiye pansi pa yuvi limawala mwabuluu kuti ngwee. Mapepala ambiri achitetezo alibe mankhwala amenewo, amangokhala zii, kupatula tiulusi tating'ono kapena chizindikiro chobisika chimene chimawala mwachikasu, mobiriwira kapena mofiira. Tiulusi teniteni timakhala mkati mwa pepala ndipo timamwazika mosiyana pa pepala lililonse, mukapeza masatifiketi awiri tiulusi tili malo ofanana ndendende, ndiye kuti ndi tojambula. Wotamaki yosindikiza ija imaonekeranso apa ngati chimthunzi pa pepala lowala. Chitani mumdima, ndipo osaloza m'maso. Mapepala ena ali ndi kamsampha kenanso, ukawapanga fotokope pamatuluka mawu akuti COPY kapena VOID amene pa orijino saoneka, koma makina ena amakono samawatulutsa, ndiye musadalire kwambiri.

Nanga wachiwiri uja? Ameneyu ndi amene anandiphunzitsa zambiri. Satifiketi yake ya Folomu 4 pepala linali lenileni, chilichonse chimafanana ndi yofananizira, ndinatsala pang'ono kuibweza mufayilo. Ndinangoti ndiyendetseko tochi cham'mbali pa magiredi. Mukudziwa pa MSCE 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, ndipo ife timafuna kirediti ya masamu. Pa mzere wa masamu panali 3, koma pansi pa tochi pamalo pamenepo panali pokhakhala, tiulusi ta pepala tadzuka ngati bulangete lakale, pomwe mizere inayo panali posalala. Ku windo, kumanzere kwa 3 uja kunali kamalo koyera, pepala lapyapyala. Pa galasi, timizere ta kumbuyo tinali titaduka pomwepo. Munthu anatenga lezala nkupala mbali ya kumanzere ya 8 kuti atsale 3. Ndiye mukamaliza kuyendera pepala, bwererani pa malo amene munthu angapindule akasintha, dzina, giredi, chaka, nambala ya mayeso, paliponse tochi, windo, galasi. Muonenso ngati manambala ali pa mzere umodzi ndi ofanana kukula, 3 wopangidwa kuchokera ku 8 safanana ndi 3 wina wa pa pepala lomwelo. Osintha ndi mankhwala amasiya kabanga, kamene pa yuvi kamaoneka bwino kuposa ndi maso.

Za lamineti ndinenepo pang'ono, poti kuno timakonda kwambiri, ndipo ndikumvetsa, chiswe ndi denga lodontha zaononga mapepala a anthu ambiri. Koma lamineti imaphwatalitsa chidindo, chala sichimvanso kanthu, kukhakhala kwa lezala kuja kumabisika, pulasitikiyo imasokonezanso yuvi. Nchifukwa chake okonza zachinyengo amaikonda, komanso nchifukwa chake maofesi ena amakana pepala la lamineti. Wotamaki ndi timalemba mukhoza kuzionabe, koma theka la mayeso anu latha. Musayese kumatula, inki imatsatira pulasitiki. Yanu ya kunyumba ingoikani mu kathumba kapulasitiki kotsegula, mu fayilo yolimba, osapinda.

Mukakayikira, osayamba kukuwa kuti wakuba pamaso pa anthu. Ife tinachita chonchi, tinajambula mapepala onse awiri kutsogolo ndi kumbuyo, tinalemba nambala ya satifiketi, dzina, chaka ndi nambala ya mayeso, nkuwabwezera eni ake, ndipo bambo tcheya anangoti, achimwene, mapepala a aliyense timayamba tawatsimikiza kaye kumene anachokera, tikuimbirani. Za MSCE ndi JCE wotsimikiza ndi MANEB ku Zomba, za koleji mumalembera ofesi ya kaundula ya kolejiyo. Nambala ya foni kapena keyala muipeze panokha, osatenga imene yalembedwa pa pepala lokayikitsalo kapena imene mwapatsidwa ndi mwini wake, mukhoza kuimbira msuweni wake. Ndipo izi muzichita ngakhale pepala litapambana mayeso onse ndafotokozawa, ngati ntchitoyo ndi yogwira ndalama, chifukwa pepala lenileni lopanda dzina likhoza kubedwa nkulembedwa dzina la munthu amene sanalowepo mkalasi, tochi ndi galasi sizingaone zimenezo, kaundula yekha ndi amene angaone. Mufananizenso dzina ndi tsiku lobadwa ndi chiphaso cha unzika, poti ena amabwera ndi satifiketi yeniyeni ya mkulu wawo.

Wa dipuloma uja atangomva zotsimikiza anati akubwera akatenge kaye njinga pa msika, sitinamuonenso. Wa masamu anabwera yekha mmawa mwake kwa bambo tcheya nkuvomera kuti anali 8, anamupalira mnzake wa pa malo opanga fotokope.